Kusankha njira yokhazikitsira GAN pamene zithunzi zili zochepa ndipo magetsi ndi osadalirika

Mwazungulira madimba a ku Makhanga ndi ku Bangula ndi foni m'manja, ndipo mwabwerako ndi zithunzi 2,000 za masamba a chimanga. Tiyerekeze kuti 1,000 ndi masamba abwinobwino, 600 ndi odyedwa ndi ntchemberezandonda, 300 ndi a mizere yachikasu, ndipo 100 okha ndi opsa ndi ng'amba. Mukufuna GAN ikupangireni zithunzi zina, makamaka za magulu ochepawo, kuti pulogalamu yozindikira matenda iphunzire bwino. Mwayiyatsa usiku, koma pofika m'mawa zithunzi zonse zotuluka ndi tsamba limodzi lobiriwira, lopendekera mbali imodzi. Njira zochizira vutoli zilipo zingapo, ndipo iliyonse ili ndi nthenda yake imene imachiza. Ambiri amataya sabata yathunthu chifukwa chomwetsa modelo mankhwala a nthenda imene ilibe.

Chimene chimagwedezeka n'chiyani

GAN, imene Ian Goodfellow ndi anzake anaifotokoza mu 2014, ndi manetiweki awiri olimbana. Wina ndi wopanga, amene mu kodi amalembedwa `G`: amalandira manambala osakanizika otchedwa `z` n'kuwasandutsa chithunzi. Wina ndi woweruza, `D`, amene amanena ngati chithunzi ndi chenicheni kapena chopeka. Wopanga saona chithunzi chenicheni ngakhale chimodzi. Chonse chimene amadziwa amachimva kwa woweruza kudzera mu giradiyenti, ndiko kuti chizindikiro chomuuza mbali yoti asunthire kuti chithunzi chake chikhulupirike. Woweruza akafooka, malangizowo amakhala opanda mutu. Akalimba mopitirira, amakana chilichonse ndi mtima wonse, ndipo malangizo ake amazimiririka kapena amalumphalumpha.

Kugwera pa chithunzi chimodzi kumachokera pa kampata kena. Woweruza wamba amayang'ana chithunzi chilichonse pachokha. Ali ngati wogula thonje pa msika wa ku Ngabu amene amangopisa dzanja pakamwa pa thumba: mlimi akazindikira mtundu umene umadutsa, aziika womwewo pamwamba pa thumba lililonse. Palibe chimene chimalanga wopanga chifukwa chosiya masamba opsa ndi ng'amba. Woweruza akadzazindikira tsamba lobwerezedwalo, wopanga amangosamukira pa tsamba lina limodzi, ndipo amathamangitsana choncho osafika.

Muyeze kaye musanasankhe

Zinthu zitatu muzikonze pa tsiku loyamba, chifukwa popanda izo simungadziwe ngati njira imene mwasankha yathandiza.

Choyamba, sungani `z` 64 zosasintha, ndipo pa masitepe 1,000 aliwonse mutulutse zithunzi zake pa tsamba limodzi la mizere 8, uliwonse wa zithunzi 8. Ngati zithunzi zimene zinali zosiyana zayamba kufanana ngati ana a mimba imodzi, wopanga wagwa. Chachiwiri, muwerenge. Pangani zithunzi 1,000 n'kuziika m'magulu anayi aja, kaya ndi maso kaya ndi pulogalamu yaing'ono. Deta yathu ikuti tiyembekezere pafupifupi 500, 300, 150 ndi 50. Mukapeza 870, 130, 0 ndi 0, magulu awiri asowa, ngakhale zithunzizo zikhale zokongola bwanji.

Chachitatu ndicho ndimachiona chofunika koposa, ndipo ambiri sachichita. Patulani zithunzi zenizeni 200 zimene woweruza sadzaphunzirapo, mutsale ndi 1,800. Nthawi ndi nthawi muzimuonetsa zopatulazo. Pa sikelo imene 1 ndi chenicheni ndipo 0 ndi chopeka, akamapereka 0.97 pa zithunzi zimene amaphunzira koma 0.30 pa zopatula, pamene zonsezo ndi zenizeni, ndiye kuti sakuweruzanso. Waloweza pamtima zithunzi 1,800, ndipo china chilichonse akuchitcha chabodza. Imeneyi ndiyo nthenda ya anthu a deta yochepa ngati ife.

Nambala ya `loss_D`, yoonetsa kulakwitsa kwa woweruza, imangothandiza pang'ono. Pa GAN wamba, woweruza akamangolota osasiyanitsa chilichonse imakhala pafupi ndi 1.386. Ikatsikira pafupi ndi 0 n'kukhala pomwepo, woweruza wapambana kotheratu. Pakati pa ziwirizi nambalayo sikuuzani ngati zithunzi zili bwino. Muyeso wotchuka wa FID, woyeza kufanana kwa zopeka ndi zenizeni, nawonso umafuna zithunzi zambiri, kawirikawiri 50,000 zopeka, ndipo umapendekera pamene zenizeni zili zochepa. Wa KID ndiwo woyenera deta yaing'ono.

Njira iliyonse ndiiyeza ndi zinthu zinayi. Mtengo wake ndi maola a GPU, chipangizo chophunzitsira modelo mwaliwiro chimene ambiri timabwereka pa intaneti ku Colab kapena Kaggle, chifukwa Colab yaulere sipitirira maola 12 pa kukhala kumodzi ndipo ikhoza kutha msanga, Kaggle imapereka pafupifupi maola 30 pa sabata, ndipo laputopu ya kuno imadzichepetsera liwiro yokha kukatentha mu Okutobala. Kupezeka ndiko kuti kodi ili kale mu PyTorch kapena muyenera kudya bandulo kutsitsa zina. Kusamalira ndi kuchuluka kwa manambala oti muzisinthasintha. Zoopsa ndi zimene njirayo ingawononge mwakachetechete.

Njira yoyamba: kumanga mphamvu za woweruza ndi `spectral_norm`

Takeru Miyato ndi anzake anaitulutsa mu 2018. Gawo lililonse la netiweki limachulukitsa zimene lalandira, ndipo pali mbali imodzi imene limachulukitsa kwambiri. Njirayi imapeza kukula kwa kuchulukitsa kwakukuluko n'kugawa nako manambala onse a gawolo. Zotsatira zake n'zakuti kusintha kwakung'ono pa chithunzi sikungalumphitse chigamulo cha woweruza kuchoka kumwamba kufika pansi.

```python
from torch import nn
from torch.nn.utils.parametrizations import spectral_norm
conv = spectral_norm(nn.Conv2d(64, 128, 4, 2, 1))
```

*Mtengo.* Wochepa kwambiri, moti simungauone pa wotchi. Kuwerengerako kumachitika kamodzi pa sitepe, kuyambira pamene kunalekezera sitepe yapita.

*Kupezeka.* Ili kale mu PyTorch. Mumangokulunga gawo lililonse la `D` monga pamwambapa, n'kuchotsamo `BatchNorm`.

*Kusamalira.* Palibe nambala yatsopano yoti musankhe. Chokhacho n'chakuti woweruza womangidwa amaphunzira pang'onopang'ono, choncho anthu amamupatsa phazi lalikulu kuposa wopanga: `lr` ya 0.0004 kwa `D` ndi 0.0001 kwa `G`. Maganizo opatsa awiriwa mapazi osiyana amatchedwa TTUR, ndipo anachokera kwa Martin Heusel ndi anzake mu 2017.

*Zoopsa.* Imachiza kulumphalumpha, koma siletsa kuloweza. Woweruza wofatsa akhoza kulowezabe zithunzi 1,800, kungoti amachedwerapo. Komanso si chitsimikizo: BigGAN ya mu 2018 inagwiritsa ntchito njirayi koma inkagwabe kumapeto kwa maphunziro, ndipo eni ake ankatenga chekipointi, ndiko kuti kope losungidwa la modelo, ya m'mbuyo modelo isanagwe.

Njira yachiwiri: chindapusa pa giradiyenti, WGAN-GP kapena R1

Apa woweruza samangidwa, koma amalipira chindapusa akaweruza mwaukali. Mitundu yake ilipo iwiri, ndipo kusiyana kwa mtengo wake n'kwakukulu kuposa mmene anthu amaganizira.

WGAN-GP, ya Ishaan Gulrajani ndi anzake mu 2017, ndiyo dzina limene wophunzira aliyense amayamba kumva. Woweruza sanenanso kuti chenicheni kapena chopeka, amangopereka malikisi opanda malire. Mumasakaniza chithunzi chenicheni ndi chopeka, n'kulanga woweruza ngati kukula kwa giradiyenti yake pa chosakanizacho kwatalikira 1. Chindapusacho chimachulukitsidwa ndi 10, ndipo woweruza amaphunzira kasanu wopanga asanasunthe kamodzi.

R1, ya Lars Mescheder ndi anzake mu 2018, ndi yosavuta. Imayang'ana zithunzi zenizeni zokha, n'kukankhira giradiyenti ya woweruza kuti ichepe pamenepo. Tanthauzo lake n'lakuti wopanga akafika pafupi ndi zenizeni, woweruza asamukankhirenso kutali.

```python
real.requires_grad_(True)
g, = torch.autograd.grad(D(real).sum(), real, create_graph=True)
r1 = g.square().sum([1, 2, 3]).mean()
loss_D = loss_D + (gamma / 2) * r1
```

*Mtengo.* Chindapusa chilichonse cha mtunduwu chimafuna kuwerengera giradiyenti ya giradiyenti, ndipo zimenezi zimadya nthawi ndi memore. Pa WGAN-GP muchulukitsenso kasanu. Ntchito imene GAN wamba akanaimaliza pa kukhala kumodzi kwa Colab imafuna katatu kapena kuposa, ndipo kukhala kulikonse ndi mwayi woti netiweki ya foni iduke muli pakati. R1 ili ndi njira yozembera mtengo: StyleGAN2, GAN ya kampani ya NVIDIA, imawerengera chindapusachi kamodzi pa masitepe 16, n'kuchichulukitsa ndi 16. Mukatero mtengo umatsika kufika pafupi ndi GAN wamba.

*Kupezeka.* Zonse ziwiri ndi mizere yochepa imene mumalemba nokha. Palibe chotsitsa.

*Kusamalira.* WGAN-GP sivuta, 10 uja amagwira ntchito pa deta yambiri, ndipo malikisi a woweruza amatsatirako ubwino wa zithunzi kuposa `loss_D` wamba. R1 ili ndi `gamma`, amene amasintha kwambiri malinga ndi kukula kwa zithunzi. Tero Karras ndi anzake a ku NVIDIA anapereka poyambira: `gamma = 0.0002 * (w * h) / batch`. Pa zithunzi zathu za 128 kwa 128 ndi mulu wa zithunzi 32, ndiye 0.0002 kuchulukitsa ndi 16,384, kugawa ndi 32, zimene zikutipatsa pafupifupi 0.1. Kuchokera apo muyese kuchepetsa kasanu ndi kuwonjezera kasanu, ndiko kuti 0.02 ndi 0.5. Amene amakopera `gamma` wa 10 kuchokera pa zithunzi za 1,024 kwa 1,024 amadabwa kuona masamba a mbuu opanda mitsempha: woweruza wafatsa moti sakuonanso timabowo ta mbozi.

*Zoopsa.* Pa WGAN-GP zolakwa ziwiri zimabwerezedwa chaka ndi chaka. Kusachotsa `sigmoid` kumapeto kwa woweruza kumapha cholinga chonse. Kusachotsa `BatchNorm` mwa woweruza kumasokoneza chindapusa, chifukwa chimawerengedwa pa chithunzi chimodzichimodzi pamene `BatchNorm` imasakaniza mulu wonse. Ndipo pepala la Mescheder lija linaonetsa kuti WGAN-GP sikhazikika nthawi zonse woweruza akamangophunzira masitepe owerengeka, pamene R1 imakhazikika ikafika pafupi ndi yankho. Ine pa ziwirizi ndimatenga R1, pokhapokha ngati pali chifukwa chapadera.

Njira yachitatu: kusokoneza maso a woweruza, ADA kapena DiffAugment

Iyi ndiyo inapangidwira nthenda ya kuloweza, ndipo mitundu yonse iwiri inatuluka mu 2020. Chithunzi chilichonse chisanafike kwa woweruza chimasunthidwa, kutembenuzidwa, kusinthidwa kuwala kapena kubisidwa kagawo. Woweruza saonanso chithunzi chimodzi kawiri m'maonekedwe ofanana, motero kuloweza kumamuvuta.

Chinsinsi chake chili apa: kusinthaku kuchitike pa zenizeni ndi zopeka zomwe, ngakhalenso pa sitepe ya wopanga. Mukangosintha zenizeni zokha, monga timachitira pophunzitsa pulogalamu yozindikira matenda, wopanga adzaganiza kuti masamba enieni amakhala ndi kabokosi kakuda pakati, ndipo adzayamba kukajambula. Zonse zikadutsa pa galasi lofanana, njira yokhayo yoti zopeka zifanane ndi zenizeni kuseri kwa galasilo ndi yoti zifanane nazo galasi lisanaikidwe.

DiffAugment imasintha zithunzi zonse nthawi zonse m'njira zitatu, `color,translation,cutout`. ADA imachita mochenjera kuposa apo. Ili ndi nambala `p`, mwayi woti kusintha kulikonse kuchitike, imene imayambira pa 0. Pulogalamu imayang'ana chigamulo cha woweruza pa zithunzi zenizeni zophunzirira, n'kuwerenga zimene wavomereza kuchotsapo zimene wakana. Malire ake ndi 0.6, ndiko kuti mwa zithunzi 100 wavomereza 80 ndipo wakana 20. Akapitirira apo, chikhulupiriro chake chachuluka, ndipo `p` imakwera pang'ono. Akatsika, `p` imatsika.

```bash
python train.py --outdir=runs --data=masamba.zip --gpus=1 \
  --cond=1 --mirror=1 --snap=10 --metrics=none
```

*Mtengo.* Kusinthako pakokha sikudula. DiffAugment mukhoza kuiika pa netiweki yaing'ono ya pa laputopu. ADA yonse imabwera ndi StyleGAN2, ndipo eni ake amanena kuti pafunika GPU ya NVIDIA ya memore yosachepera 12 GB. Pa makina aulere muziwerengera masiku, osati maola. Chimene chimafupikitsa ulendo ndi kuyambira pa modelo yophunzira kale, `--resume=ffhq256`, malinga zithunzi zanu zikhale za 256 kwa 256 ndipo muchotse `--cond=1`, chifukwa ziwirizi siziyendera limodzi. Modeloyo inaphunzira nkhope za anthu, ndipo m'maola oyamba mudzaona masamba okhala ndi maso, koma zimatha.

*Kupezeka.* DiffAugment ndi fayilo imodzi yaing'ono. Kodi ya `stylegan2-ada-pytorch` inalembedwera PyTorch 1.7, ndipo imamanga tizigawo take ta CUDA ikamayamba, choncho pa PyTorch yatsopano imafuna kuikonzakonza. Layisensi yake ndi yosalola malonda. Ngati cholinga ndi pulogalamu yogulitsa kwa alimi kapena makampani a mbewu, muiwerenge musanayambe.

*Kusamalira.* ADA imadziyendetsa yokha, inu muzingoyang'ana `p`. Muzisunga chekipointi pafupipafupi, ndicho chifukwa cha `--snap=10`, ndipo muziisunga kunja kwa makina a Colab. Magetsi akazima ku Nchalo laputopu imapirira ndi batire, koma foni yopereka intaneti ikafa, zonse za pa makina obwerekawo zimapita.

*Zoopsa.* Kusinthako kukhoza kudontha n'kulowa m'zithunzi zopeka. Taganizani chithunzi chilichonse chikutembenuzidwa mbali imodzi mwa zinayi mwa mwayi wofanana: woweruza sangadziwenso kumene kuli kumwamba, ndipo wopanga akhoza kugoneka masamba onse cham'mbali osalangidwa. Pepala la ADA linapeza kuti kudonthaku sikuoneka `p` ikakhala pansi pa 0.8. Ikakwera kupitirira apo, pulogalamu ikukuuzani kuti zithunzi zachepa zedi. Kwa ife mtundu wa tsamba ndiwo matenda enieniwo, choncho chikasu chikadontha pa tsamba labwino ndiye kuti mwapanga chithunzi chonama. Mukaona zimenezi chotsani kusintha mitundu ndi `--augpipe=bg`, kapena chotsani `color` pa DiffAugment.

Njira yachinayi: kuonetsa woweruza thumba lonse

Njira zitatu zija zimachepetsa kugwera pa chithunzi chimodzi mwa kukhazikitsa mpikisano. Iyi imalunjika pa kampata kenikeniko. Tim Salimans ndi anzake anayamba maganizowa mu 2016, ndipo Karras anawafupikitsa mu 2017. Chakumapeto kwa woweruza mumawerengera kuti zithunzi za mulu umodzi zikusiyana motani, n'kumupatsa nambalayo ngati chizindikiro chowonjezera. Mulu wa masamba enieni umasiyanasiyana. Mulu wa wopanga amene wagwa umapereka nambala yoyandikira 0, ndipo amagwidwa nthawi yomweyo.

*Mtengo.* Pafupifupi palibe.

*Kupezeka.* Mizere isanu kapena isanu ndi umodzi. Mu StyleGAN2 ilimo kale.

*Kusamalira.* Chosankha n'chimodzi, kuti zithunzi ziyerekezedwe zingatizingati. StyleGAN imatenga zinayizinayi.

*Zoopsa.* Mukaphatikiza zenizeni ndi zopeka mu mulu umodzi kuti mufulumire, nambalayo imataya tanthauzo. Vuto lalikulu n'lakuti imagwira kugwa koonekeratu kokha. Wopanga akhoza kutulutsa masamba abwino osiyanasiyana okhaokha, mulu n'kuoneka wamoyo, koma opsa ndi ng'amba 100 aja osaoneka. Gulu laling'ono limatetezedwa ndi chinthu china: kuuza manetiweki onse awiri dzina la gulu la chithunzi chilichonse, monga `--cond=1` ija ikuchitira. Pamenepo wopanga akalamulidwa tsamba lopsa sangabweretse lobiriwira. Komabe muyang'ane mkati mwa gululo, chifukwa akhoza kukupatsani tsamba lopsa limodzi kambirimbiri.

Pali chinthu chofanana ndi kugwa koma sichili kugwa. Ngati zithunzi zonse za mizere yachikasu munajambula tsiku limodzi, m'dimba limodzi, dothi lake lakuda lomwelo likuonekera kumbuyo, wopanga adzabwereza dothilo mokhulupirika. Palibe kodi yochiza zimenezo. Mankhwala ake ndi kukwera kabaza kupita dimba lina, nthawi ina ya tsiku.

Ndiye muyambire pati

Ngati zithunzi zanu zili pakati pa mazana ochepa ndi zikwi zochepa, ndipo woweruza akukana zopatula 200 zija, yambani ndi njira yachitatu. Pa chitsanzo chathu cha masamba 1,800 pa laputopu kapena Colab yaulere, ndingaike DiffAugment pa netiweki yaing'ono ya 128 kwa 128, `spectral_norm` mwa woweruza, ndi mayina a magulu. Zitatuzi sizilimbana ndipo palibe yodula. ADA yonse ndi ya amene ali ndi GPU ya 12 GB yoti angaisiye ikuyaka masiku angapo, ndipo ntchito yake si yamalonda.

Ngati woweruza akuweruza zopatula mofanana ndi zophunzirira, koma `loss_D` ikulumphalumpha ndipo zithunzi zikuoneka bwino lero n'kuwonongeka mawa, vuto ndi ukali wa woweruza. Yambani ndi `spectral_norm` pamodzi ndi mapazi osiyana aja. Zikapanda kukwanira onjezerani R1 ya kamodzi pa masitepe 16, kuyambira pa `gamma` wa 0.1. Musinthe chinthu chimodzi pa ulendo umodzi, `z` 64 zija zikhale zomwezo.

Ngati manambala ali phee koma tsamba la zithunzi 64 likuonetsa ana a mimba imodzi, ikani njira yachinayi. Ngati zithunzizo n'zosiyana koma kuwerenga kukuonetsa 0 pa gulu lina, ikani mayina a magulu, ndipo muzisankha zithunzi za mulu kuti gulu laling'ono lizioneka kawirikawiri.

WGAN-GP ndimaisiyira amene ali ndi netiweki yaing'ono kwambiri, monga ya manambala a m'matebulo a mvula kapena kukwera kwa madzi a mu Shire, kumene masitepe asanu satenga nthawi, kapena wophunzira amene akubwereza zotsatira za pepala limene linagwiritsa ntchito njirayo. Ndipo pa gulu la zithunzi 100 lija, musanadye maola 30 a sabata ino, pendani ngati kujambula zina 300 ku madimba sikungakhale kotsika mtengo. Zopeka zikalowa mu pulogalamu yozindikira matenda, zilowe pophunzitsira pokha. Poyesa pulogalamuyo gwiritsani ntchito zithunzi zenizeni zimene GAN sinazionepo, monga 200 zopatula zija.